Kesi yabwera ngati zithunzi pa foni: kuifinya bwanji kuti mukayankhule m'kalasi

Wophunzira zamalonda kuno ku Joni sachedwa kukumana ndi chimene aphunzitsi amachitcha kesi. Ndi nkhani ya kampani yeniyeni imene yafika pamphambano, yolembedwa m'masamba khumi kapena makumi awiri, ndipo kumbuyo kwake kumakhala matebulo a manambala. Kaphunzitsidwe aka kanatchuka ndi sukulu ya zamalonda ya Harvard m'zaka za m'ma 1920, ndipo lero mukapeza ku Wits Business School ku Parktown, ku GIBS ku Illovo, mpaka m'makoleji ang'onoang'ono a m'nyumba zosanja za ku Braamfontein. M'kalasi yotere mphunzitsi salankhula yekha. Amaloza munthu n'kufunsa kuti, "Mukanakhala inu mukanatani?" Amene walozedwayo sachenjezedwa.

Ambiri a ife kesiyo sitiilandira papepala. Wina amene anafika msanga kapena amene ali ndi buku amaijambula, n'kuponya zithunzizo pagulu la WhatsApp usiku. Inu mwaweruka mochedwa ku ntchito, mukuziwerenga m'takisi yochokera ku Bree kupita ku Rosettenville, chala chikukulitsa ndi kuchepetsa tsamba. Kalasi ndi mawa madzulo. Chimene mukufuna ndi tsamba limodzi loyankha mafunso anayi: vuto n'chiyani, njira zotulukira ndi ziti, yasankhidwa ndi iti, ndipo chifukwa chiyani. Ndinene pano kuti kufinya kesi si kufupikitsa nkhani. Wofupikitsa amatsata ndime ndi ndime, n'kutuluka ndi mbiri ya kampani yaifupi imene siyankha funso lililonse. Wofinya amayamba wapeza munthu amene ayenera kusankha, ndi tsiku limene munthuyo waima, kenako zonse amaziyeza ndi zimenezo.

Koma musanafike uko, zithunzizo zimafuna kuzikayikira kaye.

Yambani ndi manambala a masamba. Zithunzi zotumizidwa pamodzi sizifika nthawi zonse m'ndondomeko imene anazijambulira, ndipo wojambula akatopa amadumpha tsamba osadziwa. Lembani papepala 1 mpaka tsamba lomaliza, muzichonga lililonse limene mwaliona. Kenako yendani m'nkhanimo kufufuza paliponse pamene palembedwa `Exhibit 1`, `Exhibit 2` ndi ena otero, muone ngati matebulo amenewo alipo pa zithunzi zanu. Kawirikawiri amasowa ndi amenewa, chifukwa ali kumapeto ndipo wojambula amaganiza kuti nkhani yathera pamene mawu athera. Chonsecho mawu a m'kesi nthawi zambiri amangonena zimene mabwana akuganiza, pamene umboni wotsimikiza kapena wotsutsa maganizowo uli m'matebulo. Tebulo likasowa, pemphani usiku womwewo, ndipo muuzeni mnzanuyo kuti atumize ngati `Document` osati ngati chithunzi wamba, chifukwa WhatsApp imachepetsa ukulu wa chithunzi ndipo timanambala ting'onoting'ono timafufutika. Mawu ofufutika mutha kuwalota kuchokera pa anzake. Nambala simungailote: 3 ndi 8 zikafufutika zimafanana.

Tebulo lojambulidwa lili ndi misampha yakeyake. Buku likapindika pakati, mizere imakhota, ndipo diso limene linayamba pamzere wa ngongole limakathera pamzere wa pansi pake. Ikani m'mphepete mwa pepala pa galasi la foni ngati rula. Yang'anani pamwamba pa tebulo, pamene wojambula amakonda kudula: `Rm` akutanthauza mamiliyoni a randi, `R'000` akutanthauza masauzande, ndipo mukasokoneza ziwirizi mwalakwitsa ka 1,000. Pamwamba pomwepo ndi pamene pali zaka, ndipo malipoti a makampani ambiri amaika chaka chatsopano kumanzere, chakale kumanja, mosiyana ndi mmene diso limayembekezera. Amene sanaone zimenezi amalowa m'kalasi n'kunena kuti malonda akukwera pamene akutsika. Nambala imene ili m'mikutiramawu, monga `(1 500)`, ndi yoluza, ndipo timizere topindikato ndi toyamba kuzimirira pa chithunzi chowala kwambiri. Kuno ku South Africa mupezanso kuti ena amalemba `6,1` pamene ife tinazolowera `6.1`, ndipo masauzande amawalekanitsa ndi mpata. Njira yodziwira ngati mwawerenga bwino ndi yosavuta: phatikizani manambala a m'danga limodzi muone ngati akufika pa chiwonkhetso chimene chalembedwa pansi. Zikakana, pali nambala imene mwaiwerenga molakwa kapena mzere umene unadulidwa.

Pali kanthu kamodzi kongodutsapo: makesi ambiri amagulitsidwa, sukulu imalipirira wophunzira aliyense, ndiye zithunzi zoterezi n'zowerengera inu, osati zomwaza m'magulu ena.

Tsopano titenge nkhani yeniyeni imene aliyense wogula zinthu mu Joni muno akuidziwa ndi maso. Tiyerekeze kuti aphunzitsi apereka kesi ya Pick n Pay monga zinthu zinalili kumayambiriro kwa 2024. Kesi yotere ingayambe ndi Raymond Ackerman kugula masitolo anayi ku Cape Town mu 1967, ipitirire ndi kugulidwa kwa Boxer mu 2002, ifike pa dongosolo la Ekuseni la mu 2022 limene linabweretsa masitolo a QualiSave, kenako kuchoka kwa Pieter Boone ndi kubwerera kwa Sean Summers pa udindo wa mkulu wa kampani mu Okutobala 2023. Matebulo ake angaonetse kuti m'chaka cha malonda chimene chinatha mu Febuluwale 2024, gulu lonse linaluza pafupifupi R3.2 biliyoni, ngongole itachotsedwa ndalama zimene zinali m'manja inali pafupifupi R6.1 biliyoni, masitolo a dzina la Pick n Pay analuza pafupifupi R1.5 biliyoni pa malonda awo, pamene Boxer inapindula pafupifupi R1.9 biliyoni.

Zonse za 1967 ndi 2002 sizilowa pa tsamba lanu, kupatula mfundo imodzi imene ili ndi ntchito: Boxer ndi ya Pick n Pay, choncho atha kuigulitsa. Werengani ndime yoyamba ndi yomaliza ya kesi musanawerenge zapakati. Kumeneko ndi kumene olemba amaika munthu wosankhayo ndi nthawi imene yamutsalira. Pa nkhani yathuyi ndi Summers ndi bodi ya kampani, ndipo obwereketsa ndalama ali pakhomo.

Gawo la vuto ndi limene limagwetsa ambiri, ndipo ndikhalitsapo. Chiganizo choyamba chimene chimabwera m'mutu n'chakuti, "Pick n Pay yaluza R3.2 biliyoni." Zoona, koma chimenecho ndi chizindikiro. Munthu wopita kuchipatala akanena kuti thupi latentha sananene matenda, ndipo dokotala amene angalembe "kutentha thupi" n'kuthera pomwepo sanayambe ntchito. Mphunzitsi akamva chiganizo chija amangofunsa kuti, "Chifukwa?" ndipo ngati tsamba lanu lilibe yankho, mwathera pomwepo. Dzifunseni nokha funso limenelo kawiri kapena katatu muli kunyumba. Yaluza chifukwa chiyani? Mukatsegula tebulo mupeza kuti mkati mwa kuluzako muli pafupifupi R2.8 biliyoni imene si ndalama yotuluka m'thumba chaka chimenecho, koma kutsitsa m'mabuku mtengo wa masitolo amene sakupindulanso. Apa samalani: musathamangire kuchotsa 2.8 pa 3.2 n'kunena kuti kuluza kwenikweni ndi 0.4, chifukwa nambala imodzi amaiwerenga msonkho usanalowe, inayo utalowa. Chimene mungatengepo n'chakuti nambala yaikulu ija si imene ikuwotcha kwambiri. Chowotcha chili pawiri. Masitolo a Pick n Pay akuluza pa malonda a tsiku ndi tsiku, ndipo ngongole yakula mpaka kupyola malire amene kampani inagwirizana ndi obwereketsa.

Ndiye pali mavuto awiri, ndipo muyenera kusankha limene kesi ikufunsa. Loyamba ndi la masitolo: makasitomala akupita kwa ena, Checkers ndi Shoprite zikukula. Limeneli ndi muzu, koma kulikonza kumatenga zaka. Lachiwiri ndi la ndalama, ndipo limeneli lili ndi tsiku. Zizindikiro za limene kesi ikufuna zili m'matebulo amene olemba anasankha kuikamo. Ngati ambiri ndi a ngongole, chiwongoladzanja ndi eni masheya, funso ndi la ndalama. Akanakhala a mitengo ya katundu ndi kuchuluka kwa ogula, funso likanakhala lina. Pa tsamba lanu mungalembe chonchi: "Summers ndi bodi ayenera kupeza ndalama zochotsera ngongole ya R6.1 biliyoni chaka cha 2024 chisanathe, ndi zina zokonzera masitolo amene akuluza R1.5 biliyoni pachaka, koma osataya Boxer imene ndi yokhayo ikupindula." Onani zimene zili m'chiganizocho: munthu, chosankha, nthawi, nambala ziwiri, ndi chomangira manja. Mukawerenga chiganizo chanu n'kupeza kuti chingayenerenso kampani ina iliyonse, monga "kampani ikukumana ndi mpikisano waukulu," dziwani kuti simunafike.

Cholakwa china n'kubisa yankho m'kati mwa vuto. Wina amalemba kuti, "Vuto ndi lakuti Boxer sinaikidwe pa msika wa masheya." Akatero gawo la njira lafa lisanabadwe, chifukwa vutolo lili ndi yankho limodzi lokha.

Pa njira, zitatu kapena zinayi zikwana, ndipo iliyonse ikhale yoti munthu wanzeru angaisankhe. Musaike njira ziwiri zopusa n'cholinga choti yachitatu iwale. M'kalasi mudzapezeka wina amene adzaitenga imodzi mwa zopusazo n'kuiteteza bwino kuposa inu. Pa nkhani ya Pick n Pay ndingaike izi, ndipo ndikuziika monga wowerenga, osati kuti ndinali m'chipinda cha bodi. Kukambirana ndi obwereketsa kuti atalikitse nthawi, n'kumabweza ndi phindu la Boxer: palibe chogulitsidwa, koma chiwongoladzanja chipitirira kudya, ndipo 1.9 ya Boxer ikachotsedwa 1.5 ya masitolo oluza, chotsala n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi 6.1. Kupempha eni masheya kuti awonjezere ndalama pogula masheya atsopano pamtengo wotsika: ndalama imabwera msanga, koma amene alibe ndalama yogulira amaona gawo lake likuchepa, ndipo banja la Ackerman, limene linali ndi ulamuliro pa mavoti, likukhudzidwa mwachindunji. Kugulitsa Boxer yonse: ngongole itha, koma mutsala ndi mbali yodwala yokha. Kugulitsa gawo la Boxer pa msika wa masheya wa JSE ku Sandton: ndalama yochuluka, ulamuliro ukhalabe, koma kukonzekera kwake kumatenga miyezi, ndipo mtengo udalira mmene msika udzakhalire tsikulo.

Njira iliyonse muiyeze ndi mafunso omwewo. Ibweretsa zingati, ifika liti, ndipo titaya chiyani? Wophunzira wina amayeza njira yoyamba ndi liwiro, yachiwiri ndi mtengo, yachitatu ndi maganizo a antchito, ndiye pamapeto palibe chofananitsa. Lembaninso kachizindikiro pambali pa njira zimene zili m'kesi momwemo, kuzisiyanitsa ndi zimene mwaganiza nokha. Mphunzitsi akafunsa kuti, "Zimenezo mwaziona patsamba liti?" ndi bwino kunena mosabisa kuti ndi maganizo anu kusiyana n'kuyamba kusakasaka m'zithunzi.

Gawo la chisankho ndi lalifupi, koma lili ndi msampha wake. Makesi ena amanena zimene kampani inachita. Ambiri amaima dala chisankho chisanachitike. Ngati yanu yaima, chisankho ndi chanu, ndipo lembani kuti "Ndingachite chakuti," osati "Kampani iganizire mozama njira zonse." Ngati yanena, lembani chimene anachita, kenako mzere wina wonena ngati mukuvomereza. Zimene Pick n Pay inalengeza mu Febuluwale 2024 zinali kuphatikiza njira ziwiri motsatizana: choyamba kupempha eni masheya ndalama zofika R4 biliyoni pakati pa chaka, kenako kuika gawo la Boxer pa JSE kumapeto kwa chaka.

Msampha ndi wakuti ife tikudziwa mmene zinathera. Ndalama ya eni masheya inapezeka mu Ogasiti 2024. Boxer inalowa pa JSE pa 28 Novembala 2024 pamtengo wa R54 sheya imodzi, panapezeka pafupifupi R8.5 biliyoni, ndipo Pick n Pay inatsala ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a Boxer. Zonsezi n'zoona, koma sizilowa m'gawo la zifukwa. Summers wa mu Febuluwale sankadziwa za R54. Mukanena kuti chisankho chinali chabwino chifukwa anapeza R8.5 biliyoni, mwaweruza ndi zimene wosankhayo analibe, ndipo mphunzitsi wabwino adzakubwezani. Zotsatirazo zilembeni pansi penipeni, pa kamzere kapadera, muzitulutse pokhapokha akafunsa. N'chifukwa chake tsiku limene kesi yaima liyenera kulembedwa pamwamba pa tsamba lanu. Ngakhale manambala a chaka chathunthu aja anatuluka mu Meyi 2024, dongosolo litalengezedwa kale, ndiye ngati kesi yanu yaima mu Febuluwale, matebulo ake adzakhala ndi manambala a theka la chaka kapena oyerekeza, ndipo mugwiritse ntchito amenewo.

Zifukwa ndiye mtima wa zokambirana, ndipo chifukwa chenicheni chimadziwika ndi chinthu chimodzi: chimafotokoza osati ubwino wa njira yosankhidwa yokha, komanso chimene njira zinazo zagwera. "Anasankha zimenezi kuti kampani iyende bwino" si chifukwa. Yesani motere. Bwanji osangopempha eni masheya basi? Chifukwa 4 safika pa 6.1, patsala 2.1, ndipo simunayambe n'komwe kukonza masitolo. Bwanji osangogulitsa gawo la Boxer basi? Chifukwa zimenezo zikudikira kumapeto kwa chaka, obwereketsa akufuna kuona ndalama msanga, ndipo wogulitsa amene aliyense akudziwa kuti wapanikizika sapeza mtengo wabwino. Apa ndi pamene ndondomeko ya masitepe awiriwo ikumveka: loyamba likugula nthawi kuti lachiwiri lisachitike mothamanga. Bwanji osagulitsa Boxer yonse? Chifukwa ndiyo ikubweretsa phindu. Ziganizo zitatu zimenezi, chilichonse ndi nambala yake ndi tebulo limene yachokera, ndizo gawo lanu lachinayi. Lembani pambali pa nambala iliyonse kuti `Exh 3` kapena `p. 7`. Pa foni simungatsegule masamba mwachangu ngati m'buku, ndipo masekondi amene mukusuntha zithunzi kalasi yapita kale kwina.

Ndinamvapo anyamata awiri akwathu akukonzekera kalasi yotere pa benchi ku Auckland Park. Wamkuluyo anawerenga tsamba la mnzake n'kunena kuti, "Aise, zonse mwalemba bwino, koma ndikakutsutsa uima pati?" Wamng'onoyo anati, "Achimwene, kodi sizinayende bwino?" Yankho linali lakuti kuyenda bwino si nkhani, mphunzitsi akufuna kumva chimene watayapo. Ndikuvomerezana naye. Tsamba lopanda mzere wa chotayika ndi lofooka, chifukwa chisankho cha bizinesi chopanda mtengo kulibe. Pa nkhani yathuyi chotayika n'choonekeratu. Gawo limodzi mwa atatu a phindu la Boxer lipita kwa eni ena chaka ndi chaka, pofuna kuthetsa ngongole kamodzi. Banja la Ackerman linavomera kuti mavoti ake atsike pansi pa theka. Ndipo koposa zonse, ndalama yonseyo siibweza kasitomala ngakhale mmodzi amene anazolowera kugula ku Checkers. Ngati masitolo apitirira kuluza, ngongole idzamera kachiwiri, ndipo nthawi imeneyo Boxer yogulitsa idzakhala yochepa.

Kuchokera pamenepo mutha kulemba mzere umene ine ndimauona wopambana pa tsamba lonse, wonena chimene chingakusinthitseni maganizo. Mwachitsanzo: "Ndikanaona umboni woti masitolo a Pick n Pay sangasiye kuluza m'zaka zitatu, ndikanasankha kutseka ambiri msanga m'malo mogulitsa gawo la Boxer kuti ndiwasunge." Mzere woterewu umaonetsa kuti mukudziwa pamene chisankho chatsamira, ndipo umakupatsani choyankha wina akabwera ndi mfundo yotsutsa.

Za kutalika kwake, tsamba limodzi lolemba pamanja likwana, mawu osapitirira 250. Vuto likhale chiganizo chimodzi kapena ziwiri, njira iliyonse mizere iwiri, chisankho mzere umodzi, ndipo malo otsalawo apite ku zifukwa ndi chotayika. Mukaona kuti gawo la vuto latenga theka la tsamba, mbiri ya kampani yalowanso mozemba. Lembani papepala ndithu, osati m'foni momwe muli zithunzimo, kuti foni ikhale yotsegula pa tebulo limene mukulikayikira kuti afunsa. Popeza kalasi ndi ya Chingerezi, ziganizo ziwiri zoyamba, za vuto ndi za chisankho, zinenereni mokweza kamodzi musananyamuke, ngakhale kuganiza konse munachitira m'Chichewa. Ndipo ngati tebulo lina silinafike mpaka nthawi ya kalasi, kapena nambala ina yakana kuwerengeka, ikani funso pambali pake ndipo musaimike chifukwa chanu pa iyo. Fikani mphindi khumi kalasi isanayambe, mubwereke pepala la mnzanu amene ali ndi lenileni, muyang'ane nambala imeneyo ndi mutu wa danga lake.